Ndolo ndi mkanda zowonjezera pa chithunzi zikuoneka zomata

"Ndili ndi kasitudiyo ku Zomba. Mayi wina ndinamujambula pa chinkhoswe chake, koma m'chipwirikiti cha tsikulo anaiwala kuvala ndolo ndi mkanda zomwe apongozi ake anamugulira. Tsopano akufuna zioneke pa chithunzi chachikulu choti apachike pabalaza. Ndazijambula pa pepala loyera, ndazidula mu Photoshop, ndaikanso Drop Shadow, koma aliyense akuona kuti ndi zomata. Tsitsi lake ndi la meshi, lagwera mbali imodzi ya khosi. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, Drop Shadow ija muyambe mwaizimitsa. Si yokhayo yalakwa ayi, koma ikukubisirani zolakwika zina zomwe zili pansi pake. Mthunzi ndi ntchito yomalizira. Ndolo ikakhala yaikulu kuposa mmene iyenera kukhalira, kapena ikalendewera molakwika, ngakhale muipatse mthunzi wabwino bwanji diso la munthu likanabe.

Tiyambe ndi kukula, pakuti apa ambiri timangoyerekeza ndi maso, ndipo maso amatinamiza. Timakulitsa ndolo chifukwa tavutika nayo ndipo tikufuna ioneke. Koma rula yoyezera ili kale pa chithunzipo. Chozungulira chakuda cha m'diso, chonse kuchokera pomwe choyera chathera mbali iyi kukafika pomwe chayambira mbali inayo, chimakhala mamilimita 11 mpaka 12 mwa akuluakulu pafupifupi onse, wonenepa ndi woonda yemwe. Mphuno ndi milomo zimasiyana kwambiri munthu ndi munthu, n'chifukwa chake sindizidalira poyeza.

Nditenge chithunzi china chofanana ndi chanucho, chomwe ndinakonzapo. Chinali cha mapikiselo 4000 m'lifupi ndi 6000 m'litali, mayiyo akuoneka kuyambira m'chiuno kupita kumutu. Ndinakoka Rectangular Marquee Tool modutsa chakuda cha m'diso, ndipo pa Info panaoneka kuti m'lifupi mwake ndi mapikiselo 60. Tikagawa 60 ndi 12, ndiye kuti milimita imodzi pankhope yake ndi mapikiselo 5. Ndolo yeniyeniyo ndinaiyeza ndi rula ya kusukulu, kuchokera pomwe kangowe kamalowera m'khutu kukafika kunsonga, n'kupeza mamilimita 35. Choncho pa chithunzipo iyenera kutalika mapikiselo 175. Yomwe ndinali nditaika poyamba mwa kungoyang'ana inali pafupifupi 230.

Pali kachinthu kena apa. Munthu akayang'ana kamera, khutu limakhala kumbuyo kwa diso ndi masentimita 9 kapena chapompo, ndipo chinthu chakutali chimachepa. Ngati munaima mamita 2 pojambula, omwe ndi masentimita 200, gawani 200 ndi 209, yankho lake muchulukitse ndi 175 uja, mupeza kuti ndoloyo itsike kufika pa mapikiselo pafupifupi 167. Kusiyanako n'kochepa, mukhoza kukunyalanyaza osachimwa. Koma ngati ndi chithunzi chodzijambula yekha ndi foni, dzanja litatambasulidwa masentimita 50 okha, gawani 50 ndi 59 n'kuchulukitsanso ndi 175, ndoloyo ifika pa 148. Pamenepo mukanyalanyaza, ndolo imaoneka ngati yauluka kubwera kutsogolo kwa nkhope. Musanachepetse chilichonse, sandutsani leya ya ndoloyo ndi Convert to Smart Object, kuti muzikulitsa ndi kuchepetsa kangapo popanda kuipha.

Tsopano kalendeweredwe. Ndolo yomata pakhutu, yopanda cholendewera, imatsata khutu: mutu ukapendekeka nayonso imapendekeka. Koma yolendewera simvera mutu, imamvera pansi. Akwatibwi ambiri timawauza kuti apendeketse mutu pang'ono pojambula, ndiye wokonza chithunzi amatembenuza ndolo kuti ifanane ndi mzere wa nkhope, basi yalakwika. Iyenera kuloza pansi penipeni. Ndipo pansi penipeni si m'mphepete mwa chithunzi nthawi zonse, chifukwa mwina kamera inapendekeka. Funani mphuthu ya chitseko, ngodya ya khoma kapena katani kumbuyoko, ndolo itsate mzere umenewo. Kangowe kaja kalowe m'khutu ndithu: mbali yakutsogolo ioneke, yopita kuseri muibise ndi maski kuyambira pa kabowo. Ngati ndoloyo ndi yolemera, kokerani kanyama ka m'munsi mwa khutu pansi ndi Liquify, mapikiselo atatu kapena anayi okha. Palibe adzakuuzeni kuti waona zimenezo, koma zikasowa ndolo imaoneka yopanda kulemera.

Cholakwika chimodzi chinandichititsa manyazi ine. Ndinakonza ndolo imodzi bwinobwino, kenako chifukwa cha ulesi ndinaikopera n'kuitembenuza ndi Flip Horizontal kuti ikhale ya khutu linalo. Tinasindikiza chachikulu. Atabwera kudzatenga, azakhali a mwini chithunzi anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti ndolo imodzi ikuoneka yachilendo, osadziwa chifukwa chake. Chifukwa chake chinali chakuti kunyezimira kwa ndolo yachiwiriyo kunali kumanja, pomwe kuwala konse pa chithunzicho kunachokera kumanzere. Ndinasindikizanso ndi ndalama zanga. Ndolo iliyonse ikhale ndi chithunzi chakechake, ndipo ngati nkhope yacheukira pambali, ya khutu lakutali ibisike pang'ono kuseri kwa nsagwada.

Izi zikundifikitsa pa pepala loyera lija, lomwe ndikuganiza kuti ndi theka la vuto lanu. Golide kapena siliva wopukutidwa ali ngati kalilole, amaonetsa zomwe zamuzungulira. Ndolo yogona pa pepala imadzaza ndi zoyera za pepalalo ndi denga la situdiyo. Yomwe ili pakhutu la munthu imatenga mtundu wa khungu mbali yoyang'ana khosi, imatenga kuda kwa tsitsi, mwinanso mtundu wa chilundu chomwe wavala. Popeza zinthuzo zilipo ndipo mwini wake ali pafupi, mupempheni abwere nazo azivale, kapena zivalidwe ndi wina wa khungu lofanana naye. Mukhazikeni monga anakhalira pa chithunzi choyamba, lenzi yomweyo, mtunda womwewo, kuwala kuchokere mbali yomweyo. Mphindi 20 zimenezo zikupulumutsani maola atatu a pa kompyuta, ndipo mudzakhala ndi mthunzi weniweni woti muzionerapo pojambula wanu. Kuti mudziwe komwe kuwala kunachokera, yang'anani kadontho koyera konyezimira m'diso ndi komwe mthunzi wa mphuno wagwera. Pa chithunzi changa chija kadonthoko kanali kumtunda chakumanzere, mthunzi wa mphuno unagwera pansi chakumanja: zenera linali kumanzere, pamwamba pang'ono pa mutu.

Ngati kujambulanso sikutheka, gwirani ndi zomwe muli nazo. Chotsani kaye kamzere koyera kotsalira m'mphepete ndi Layer > Matting > Defringe, pikiselo imodzi kapena awiri, ndipo chitani zimenezi musanasandutse leyayo kukhala Smart Object. Kamzere kameneka pa khungu lakuda kamaonekera patali ngati ulusi. Kenako tsegulani leya yatsopano pamwamba pa ndolo, muimangirire ndi Ctrl+Alt+G kuti utoto usatulukire kunja, tengani mtundu wa khungu la pakhosi, mupake mbali ya ndolo yoyang'ana khosi ndi burashi yofewa. Yesani Multiply pa 30% mpaka 40%.

Mkanda uli ndi zovuta zake. Utali wake ndi umene umanena pomwe ugone: wa masentimita 40 umazungulira m'munsi mwenimweni mwa khosi, wa 45 umafika pa mafupa opingasa aja a pansi pa khosi, wa 50 umatsika kupitirira pamenepo. Uyezeni, chifukwa mwini wake amadziwa pomwe umamufika. Pakati pa mkanda, kapena cholendewera chake ngati chilipo, patsate kadzenje ka pakati pa mafupa awiriwo, osati chibwano. Mutu umacheuka, chifuwa chimatsala. Ndipo mkanda sujambula uta wosalala: umakwera pang'ono podutsa pa fupa, n'kugwera m'kadzenje, kenako kumtunda umakhota msangamsanga n'kukasowa kuseri kwa khosi. Nsonga zake zisathere poyera pakhungu. Zilowe kuseri kwa khosi, pansi pa tsitsi kapena pansi pa kolala.

Poupinda, ambiri amathamangira Warp, ndipo Warp amaphwanya mikanda yobulungira kukhala ngati nyemba. Kanthu kobulungira kamaoneka kobulungira kulikonse komwe mungakaonere. Chomwe chimasintha mkanda ukamakhotera kuseri n'chakuti timikandato timayamba kubisana, kena kuseri kwa kanzake. Kwa katcheni kopyapyala, Edit > Puppet Warp imagwira bwino mukaika mapini ambiri n'kumasuntha pang'onopang'ono osakoka. Kwa mikanda ikuluikulu ine ndimalolera kuvutika. Pa chithunzi chija mkanda unali wa masentimita 45, kamkanda kalikonse mamilimita 8, kutanthauza mapikiselo 40. Mkanda wotero umakhala ndi timikanda topitirira 50, koma tooneka kutsogolo ndi pafupifupi theka. Ndinadula timikanda tisanu tosiyana, ndinajambula mzere wotsogolera ndi Pen Tool, n'kumatindandalika kamodzikamodzi mosakaniza. Osatitembenuza, chifukwa kunyezimira kwa kalikonse kuyenera kukhala kumtunda chakumanzere, komwe kuli zenera.

Za tsitsi ndiye zimafuna mtima wodekha. Funso loyamba si la pa kompyuta: mayiyu akanavaladi zinthuzi, n'chiyani chikanakhala pamwamba pa chinzake? Mkanda umagona pakhungu, choncho tsitsi lililonse logwera pakhosi lili pamwamba pake, popanda kukambirana. Ndolo ndi yosiyana. Tsitsi lochokera kutsogolo kwa khutu limadutsa pamwamba pa ndolo, lochokera kuseri kwa khutu limakhala kumbuyo kwake. Tsatani chingwe chilichonse cha tsitsi ndi diso mpaka komwe chachokera. Kawirikawiri mbali yomwe meshi yagwera, ndolo imaoneka theka lokha, ndipo muyenera kulimba mtima n'kuibisa ndithu. Kasitomala mwina adandaula kuti sikuoneka yonse, koma ndolo yokhala pamwamba pa tsitsi lonse ndi imene imaulula msanga kuti chithunzi chakonzedwa.

Kachitidwe kake, musafufute ndoloyo. Koperani chithunzi choyambirira ndi Ctrl+J, kwezani kopeyo pamwamba pa maleya onse a ndolo, mkanda ndi mithunzi yake, ndipo dinani batani la maski mutagwira Alt kuti maski ikhale yakuda, kope yonse ibisike. Tsopano pakani zoyera pa maskiyo pomwe pali tsitsi lokha, ndipo tsitsilo libwerera pamwamba pa ndolo. Ubwino wake ndi woti mukhoza kusuntha ndolo mawa, tsitsi likhalabe pamalo pake. Kukanakhala kuti waluka, ntchito ikanaphweka, chifukwa chingwe choluka chili ndi malire ooneka, burashi yolimba pang'ono imakwanira. Meshi ili ndi titsitsi touluka, ndipo burashi yaikulu yofewa imabweretsa tsitsi pamodzi ndi khungu la pansi pake, n'kusiya chifunga chabulauni pa ndolo. Mukaona ndolo ikuzimirira pang'onopang'ono ngati ikusungunuka m'malo modulidwa ndi tsitsi, dziwani kuti ndi zimenezo.

Zida zodzisankhira tsitsi zokha sizithandiza kwenikweni apa, chifukwa tsitsi lakuda pa khungu lakuda, pamthunzi wa chibwano, kusiyana kwake n'kochepa. Ine ndimachita ziwiri. Pomwe tsitsi ndi lochindikala ndimapaka maski ndi burashi yolimba, nditakulitsa chithunzi kufika 200%. Pomwe ndi titsitsi tapatalipatali, ndimatijambula ndekha pa leya yatsopano: burashi ya pikiselo imodzi kapena awiri, mtundu wotengedwa pa tsitsi lenilenilo pafupi pomwepo, mitundu iwiri kapena itatu osati wakuda wokha. Katsitsi kalikonse kayambire pa katsitsi kenikeni kumtunda kwa ndolo n'kukalumikizana ndi kenikeni kumunsi, kadutse mopitirira osathera pa ndolo penipeni. Tisanu kapena tisanu ndi kamodzi n'tokwanira. Mukamaliza tipatseni Gaussian Blur ya 0.5 kuti tisathwe kuposa tsitsi lenileni.

Tsopano tafika pa mthunzi. Vuto la Drop Shadow ndi loti imayesa kuti kumbuyo kwa chinthu kuli khoma lafulati, ndiye imaika mthunzi wotalikira mofanana, wofewa mofanana, wakuda mofanana paliponse, ngakhale m'malere momwe mulibe chogwerapo. Khosi si khoma. Mthunzi weniweni uli pawiri, ndipo uliwonse ukhale pa leya yakeyake pansi pa chokongoletseracho, zonse pa Multiply.

Woyamba ndi wa pomwe chinthu chakhudza khungu: kamzere kakang'ono, kakuda, kosafewa kwambiri, pansi penipeni pa kamkanda kalikonse ndi pa kabowo ka khutu. Pa chithunzi changa unali wa mapikiselo atatu kapena anayi, pa 60%. Umenewu ndi umene umakhazika mkanda pathupi. Ukasowa, mkanda umayandama. Wachiwiri ndi woponyedwa ndi kuwala, wogwera mbali yomwe mthunzi wa mphuno wagwera. Lamulo lake ndi limodzi: chinthu chikatalikirana ndi khungu, mthunzi wake umapita patali, umafewa, n'kuchepa mphamvu. Mkanda wagona pakhungu, choncho mthunzi wake uli pafupi, mapikiselo 8 mpaka 10 pansi chakumanja, kupatula pomwe wadumpha kadzenje, pamene umatalikirako. Ndolo yolendewera ili masentimita awiri kapena atatu kuchokera pakhosi, choncho mthunzi wake ndi kachigamba kofewa, kopanda maonekedwe enieni a ndolo, pa 15% mpaka 20%. Kufewa kwake muonere pa mthunzi wa chibwano: ngati malire ake ndi akuthwa, monga zimakhalira pa dzuwa la masana kapena fulashi yolunjika, wanunso uthwe.

Ndolo ziwirizo sizilandira mthunzi wofanana. Kuwala kukachokera kumanzere, ndolo ya kumanzere imaponya mthunzi wake pakhosi. Ya kumanja mthunzi wake umagwera kutali ndi khosi, pa tsitsi kapena paphewa, nthawi zina osaoneka n'komwe, ndipo iyo yomwe ili mumthunzi wa mutu. Imeneyo muidetse ndi Curves yomangirira pa leya yake, muphenso kunyezimira kwake kwakukulu. Chimodzimodzi gawo la mkanda lomwe lalowa mumthunzi wa chibwano kapena pansi pa meshi: lide, ndipo pamenepo musaikepo mthunzi woponyedwa, chifukwa kuwala koti kuuponye sikukufikapo. Wokhudza khungu wokha ndiwo utsale.

Mtundu wa mthunzi usakhale wakuda bii. Tengani ndi Eyedropper Tool pa malo akuda kwambiri a pansi pa chibwano, mupeza kuti ndi bulauni wofiirira. Wakuda weniweni pa khungu lathu umaoneka ngati litsiro kapena mwaye. Palinso china chomwe ndinachizindikira mochedwa. Pa khungu lakuda lodzola mafuta, kuwala kwambiri komwe timaona ndi kunyezimira kwa pamwamba, ndipo mthunzi ukagwerapo umachotsa kunyezimirako n'kusiya mtundu weniweni wa khungu, sungodetsa chabe. Choncho mthunzi wa mkanda ukamadutsa pa fupa lonyezimira, Multiply yokha imasiya kotuwa. Pamenepo ndimayamba ndapaka mtundu wa khungu losanyezimira pa leya ya Normal, pa 40% kapena chapompo, kenako mthunzi pamwamba pake. Ngati ndi golide wonenepa, kadontho ka chikasu chofiirira pakhungu mbali ya kuwala, pa Soft Light, kamathandiza, koma kakhale kochepa moti inu nomwe muzikayika ngati kalipo.

Chotsala ndi kufananitsa kuthwa ndi timadontho ta chithunzi. Ndolo munaijambula pafupi, ili ndi tsatanetsatane wochuluka kuposa nkhope. Ngati munajambula mayiyo pa f/1.8 kapena f/2 mutalunjika pa diso, khutu linafewa kale, ndipo ndolo singathwe kuposa khutu lomwe yapachikikapo. Yang'anani m'mphepete mwa khutu pa 100%, onjezerani Gaussian Blur pa ndolo mpaka zifanane. Kwa ine inali 1.2 pa ndolo, 0.6 pa mkanda. Kenako Filter > Noise > Add Noise, musankhe Gaussian ndi Monochromatic, kuyambira 1% kukwera mpaka timadontho ta pa ndolo tifanane ndi ta pakhungu loyandikana nalo. Chithunzi cha m'holo chojambulidwa pa ISO yokwera chimafuna timadontho tochulukirapo. Onaninso kuti malo akuda kwambiri a pa ndolo asade kuposa malo akuda kwambiri a tsitsi.

Musanatumize kosindikiza, ikani leya ya Black & White pamwamba pa zonse kwa kanthawi. Mitundu ikachoka, chinthu chowala mopitirira chimadumpha chokha. Tembenuzaninso chithunzi chonse ndi Flip Canvas Horizontal kuti diso lanu, lomwe lazolowera, lichione ngati chachilendo, koma musaiwale kuchibwezera. Ndipo popeza chikupita pakhoma chachikulu, musadalire kuvomereza kwa pa WhatsApp, chifukwa kumeneko chithunzi chimapanikizidwa n'kubisa m'mphepete moipa ndi titsitsi tojambula tija. Dulani kagawo ka khutu ndi khosi pa kukula komwe chidzasindikizidwe, musindikize pa pepala la mainchesi 4 kwa 6, muliike pakhoma n'kuima mita imodzi.